Bowo mumtima ndi lilime la buluu: zimene matenda a Fallot amachita kwa mwana

Nthawi ndi nthawi timamva pa wailesi banja likupempha thandizo kuti mwana wawo apite ku India chifukwa "ali ndi bowo mumtima". Kenako wina muminibasi yochokera ku Chinamwali amati mphwake nayenso anabadwa ndi bowo, koma sanapite kulikonse ndipo pano ali ku sekondale. Onse awiriwa akhoza kukhala kuti akunena zoona. Mawu oti bowo mumtima timatchulira matenda angapo osiyana kwambiri, ndipo amodzi mwa iwo ndi amene madokotala amalemba m'buku la kuchipatala kuti Tetralogy of Fallot, kapena mwachidule TOF. Pa matenda onse a mtima obadwa nawo amene amachititsa mwana kusintha mtundu n'kuoneka wa buluu, awa ndiwo amapezeka kwambiri: pafupifupi mwana mmodzi pa ana 3,000 obadwa amoyo. M'nkhaniyi ndiziwatchula kuti matenda a Fallot. Dzinali ndi la Chifalansa ndipo limatchulidwa kuti Falo.

Mtima wabwinobwino

Mtima ndi mapampu awiri omatana. Pampu ya kumanja imalandira magazi otopa, amene azungulira thupi lonse n'kusiya okosijeni wawo, ndipo imawakankhira ku mapapo. Pampu ya kumanzere imalandira magazi amene abwera kuchokera ku mapapo atadzaza okosijeni, n'kuwakankhira mumtsempha waukulu wotchedwa aota, umene umagawira thupi lonse. Pakati pa zipinda ziwiri zopopazi pali khoma la mnofu, kuti magazi otopa asasakanikirane ndi atsopano.

Mapampu awiriwa sagwira ntchito yolemera mofanana. Mapapo ndi ofewa ndipo ali pafupi, choncho mbali ya kumanja imakankha pang'ono chabe. Mbali ya kumanzere imakankha mwamphamvu kuchulukitsa kanayi kapena kasanu, chifukwa magazi ake ayenera kufika kuubongo ndi kuzala za kumapazi. N'chifukwa chake mwana amene ali ndi bowo lokha pakhoma lija sasanduka wa buluu. Magazi ofiira ochokera kumbali yamphamvu amadutsa pabowopo kulowa kumanja, n'kupitanso ku mapapo kachiwiri. Mtima ndi mapapo zimalemedwa, koma magazi opita m'thupi amakhala ofiira ndithu. Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula, ndipo mwina mphwake wa munthu wa muminibasi uja anali m'gulu limeneli.

Zilema zinayi, gwero limodzi

Étienne-Louis Arthur Fallot anali dokotala wa mumzinda wa Marseille ku France. M'chaka cha 1888 analemba za mitima ya anthu amene anamwalira ndi chimene ankachitcha nthenda ya buluu, ndipo anaona kuti ambiri anali ndi zilema zinayi zofanana. Sanali woyamba kuziona, pakuti Niels Stensen wa ku Denmark anali atafotokoza kale mtima wotere m'zaka za m'ma 1670, koma dzina limene linakhazikika ndi la Fallot. Amene analitchukitsa ndi dokotala wamkazi wa ku Canada, Maude Abbott, mu 1924.

Chilema choyamba ndi bowo lalikulu pakhoma la pakati pa zipinda zopopa. Chachiwiri, njira yochoka kumanja kupita ku mapapo ndi yopapatiza. Chachitatu, mtsempha wa aota sukhala pamalo pake kumanzere, koma umakhala pamwamba pa bowolo ngati munthu watang'adza ngalande, mwendo uku mwendo uko, n'kumalandira magazi a mbali zonse ziwiri. Chachinayi, mnofu wa pampu ya kumanja umakhuthala.

Munthu akamva zilema zinayi amaganiza kuti mwanayo wagweredwa tsoka kanayi. Ayi, cholakwika n'chimodzi. Mtima umapangika m'masabata asanu ndi atatu oyambirira a mimba, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanayambe n'komwe sikelo. Pa nthawiyo kachigawo ka khoma kamene kamagawa njira ziwiri zotulukira mumtima kamamera mosendera kutsogolo ndi m'mwamba. Taganizirani mmisiri amene akugawa chipinda chimodzi kukhala ziwiri, koma khoma lapamwamba walimanga mophonya lapansi. Pamene makoma awiriwo sanakumane patsala mpata. Mbali imene khoma lasendera yapanikizika. Khomo la mbali inayo latsala lili pamwamba pa mpatawo. Zilema zitatu zabadwa pamenepo. Chachinayi ndi chotsatira chabe: pampu ya kumanja, imene inapangidwira ntchito yopepuka, tsopano ikukankha molimba tsiku ndi tsiku, ndipo mnofu wake umakula ngati akatumba a mnyamata wa kabaza.

Chimene chimasendeza kakhomako sichidziwika mwa ana ambiri. Mwa ana ena, pafupifupi 15 pa 100 alionse, pamapezeka kuti kachidutswa ka chibadwa kotchedwa 22q11 kanasowa. Matendawa amabweranso kawirikawiri mwa ana obadwa ndi chilema cha Down, komanso pamene mayi ali ndi shuga wosasamalidwa bwino kapena amamwa mowa kwambiri ali ndi pakati. Koma amayi ambiri a ana oterewa sanachite chilichonse cholakwika, ndipo ndikanakonda apongozi ndi azakhali akanamva chiganizo chimenechi.

Buluu amachokera kuti

Pano ndipo pagona nkhani yonse. Bowo la matenda a Fallot ndi lalikulu moti zipinda ziwiri zopopa zimasanduka ngati chimodzi, zokankha ndi mphamvu yofanana. Magazi otopa akafika kumanja amapeza njira ziwiri: yopapatiza yopita ku mapapo, ndi yodutsa pabowo kulowa mu aota. Mlimi wa mpunga ku Likangala kapena ku Domasi akudziwa zimene madzi amachita akafika pamphambano ya ngalande: salowera kumene akufunika, amalowera kumene kuli kotseguka. Magazinso chimodzimodzi. Njira ya ku mapapo ikapapatiza kwambiri, magazi ambiri otopa amalambalala mapapo n'kubwerera m'thupi asanatenge okosijeni.

Tiwerengere ndi makapu. Magazi ochokera ku mapapo amakhala odzaza okosijeni pafupifupi 98 pa 100. Tinene kuti otopa aja ali pa 60. Ngati pa makapu 10 olowa mu aota, 7 achokera ku mapapo ndipo 3 alambalala, kusakaniza kwake kumatipatsa pafupifupi 87. Kachipangizo kamene anamwino amapanitsa pachala kapena paphazi la mwana kamaonetsa nambala imeneyo, pamene mwana wabwinobwino amaonetsa 95 kapena kuposa. Njira ija ikapapatiza mpaka makapu 5 alambalale, ndipo magazi otopawo atsike kufika pa 40 chifukwa thupi likuwafinya okosijeni yense, nambala imagwa kufika pa 69.

Choncho chimene chimalamula mtundu wa mwana si kukula kwa bowo koma kupapatiza kwa njira ya ku mapapo. Ana ena njira yawo imakhala yotsegukirako, ndipo amabadwa ndi kukula miyezi ingapo osasintha mtundu. Enanso amaoneka bwino masiku oyamba chifukwa cha kamtsempha kamene mwana aliyense amakhala nako akadali m'mimba mwa mayi ake, kolumikiza aota ndi mtsempha wa ku mapapo. Kamtsemphako kamatsekeka kokha patangopita masiku ochepa mwana atabadwa, ndipo kakatsekeka vuto limaonekera. Njira yopapatizayo imakondanso kunka ipapatizirabe mwana akamakula, chifukwa mnofu wozungulira ukukhuthala.

Mawu oti buluu anachokera kwa madokotala amene ankaona ana a khungu loyera. Kwa ana athu, kuyang'ana masaya n'kutaya nthawi. Yang'anani lilime, nkhama, mkati mwa milomo ndi pansi pa zikhadabo, ndipo muyang'ane panja pa kuwala kwa dzuwa. Lilime limachita ngati la mwana amene wangodya jambula, kapena limatuwa ngati phulusa. Manja ndi mapazi okha kuderako m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni kuno ku Zomba si chizindikiro ngati lilime lili lofiira bwinobwino.

Pali msampha wina umene umatikola kuno kwathu. Himogulobini ndi chimene chimanyamula okosijeni m'magazi, ndipo diso limaona buluu pokhapokha himogulobini wopanda okosijeni akafika pafupifupi magalamu 3 kapena kuposa pa desilita iliyonse ya magazi. Mwana amene himogulobini wake ali pa 15 ndipo kachipangizo kakuonetsa 80, gawo lopanda okosijeni ndi magalamu 3, ndiye mtundu uoneka. Mnzake amene malungo amutsitsa magazi kufika pa 7, kachipangizo n'kumaonetsa 80 yemweyo, gawo lopanda okosijeni ndi magalamu 1.4 okha. Ameneyu aoneka wotuwa basi, koma ndi amene ali pangozi yaikulu. Kachipangizo kapachala kamaona zimene diso laphonya.

Kubanika kwadzidzidzi

Tiyerekeze mwana wamkazi wa miyezi inayi wochokera kumbali ya Jali. Dzulo lake anatsegula m'mimba ndipo sanayamwe bwino. M'mawa akudzuka akulira, amayi ake akumusambitsa, ndipo kulirako sikutha. Akuyamba kupuma mofulumira komanso mozama, milomo ikuda, kenako akulefuka n'kukhala ngati wakomoka. Patapita mphindi khumi akutsitsimuka n'kugona tulo. Agogo ake akuti ndi khunyu. Woyandikana nawo nyumba akuti ndi chibayo.

Chimene chachitika n'chakuti ngalande ziwiri zija zasintha mwadzidzidzi. Kulira kwalimbitsa mnofu wozungulira njira ya ku mapapo, madzi ofunda atakasula mitsempha ya m'thupi kotero kuti njira ya aota yaphweka, ndipo kuchepa kwa madzi m'thupi kwachititsa kuti pampu ya kumanja isadzaze bwino. Magazi ambiri alambalala mapapo. Okosijeni akatsika, ubongo umalamula mwana kupuma mwamphamvu, ndipo kupuma koteroko kumakokera magazi otopa ochuluka kumtima, amenenso amalambalala. Vutolo limadzidyetsa lokha. Kubanika kotere kumachuluka pakati pa miyezi iwiri ndi inayi, kawirikawiri m'mawa, mwana akalira, akayamwa, akamachita chimbudzi movutikira kapena akatentha thupi. Kukatenga nthawi yaitali kungathe kubweretsa kukomoka kwenikweni, kuwononga ubongo, ngakhale imfa.

Chithandizo choyamba chili m'manja mwa amayi. Mwanayo anyamulidwe pachifuwa, maondo ake apindidwe mwamphamvu mpaka akhudze pamimba ndi pachifuwa pake, ndipo atonthozedwe. Kupinda miyendo kumafinya mitsempha ikuluikulu ya m'ntchafu, njira ya aota imalimba, ndipo magazi amakakamizika kubwerera ku njira ya ku mapapo, monga mlimi amaponyera chibuma m'ngalande imodzi kuti madzi alowe m'inzake. Ana okulirapo amazitulukira okha zimenezi. Mwana wa zaka zinayi amene akayenda pang'ono amanyonyomala pansi, kupuma kaye, n'kudzukanso, sikuti ndi waulesi. Akudzichiza.

Kuchipatala amawonjezera okosijeni, madzi a m'diripi, ndi mofini wochepa woziziritsa kupuma kothamangako. Zikakanika pali mankhwala ofinya mitsempha ya m'thupi. Ambiri amapatsidwa mankhwala otchedwa pulopulanololo oti azimwa tsiku lililonse kuti kubanikaku kuchepe podikira opaleshoni. Dokotala womvetsera pachifuwa amaona chinthu chodabwitsa: mkokomo wa mtima umene umamveka masiku onse umachepa kapena kuzimiririka pa nthawi ya kubanikaku. Mkokomowo suchokera pabowo, umachokera pa magazi odzipanikiza panjira yopapatiza, ndiye ukazilala ndiye kuti magazi odutsapo achepa. Kusiyana ndi chibayo kumaonekeranso pa okosijeni: mwana wa chibayo nambala yake imakwera bwino akamuika okosijeni, koma wa matenda a Fallot imangosuntha pang'ono, chifukwa magazi olambalala sakumana ndi okosijeniyo n'komwe.

Chithunzi cha ekisile chimatha kuonetsa mtima wooneka ngati jombo, koma chotsimikizira matendawa ndi kuunika mtima ndi makina a eko. Ana ambiri a chigawo chino amene akuwakayikira matenda a mtima amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mwana akakhala zaka osachitidwa opaleshoni, thupi limapanga maselo ofiira ochuluka kuti linyamule okosijeni wochepayo, ndipo magazi amalimba ngati phala. Nsonga za zala zimatupa n'kubulungira. Magazi olimbawo angathe kuundana n'kutseka mtsempha wa muubongo, makamaka mwana akataya madzi, ndiye kutsegula m'mimba kwa mwana wotere kumafuna Thanzi mwamsanga ndi ulendo wa kuchipatala. Tizilombo timene mapapo akanatisefa timadutsanso pabowo n'kukapanga chithupsa muubongo. Kuchepa kwa ayironi kumawonjezera ngozi zonsezi, ngakhale nambala ya himogulobini ikuoneka yabwino. Popanda opaleshoni, pafupifupi mwana mmodzi pa atatu safika chaka chimodzi, ndipo mmodzi yekha pa anayi ndiye amafika zaka 10.

Njira yapambali ya 1944

Helen Taussig, dokotala wa ana pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore m'dziko la America, anaona kuti ana amene kamtsempha kobadwa nako kaja sikanatsekeke msanga ankakhala bwinoko. Anafunsa ngati n'kotheka kupanga kamtsempha kotere ndi manja. Dokotala wa opaleshoni Alfred Blalock anavomera, ndipo amene anakonza njira yake poyeserera pa agalu anali Vivien Thomas, munthu wakuda wopanda digiri ya udokotala. Pa 29 Novembala 1944 anachita opaleshoni yoyamba pa mwana wa miyezi 15, Thomas ataimirira kumbuyo kwa Blalock n'kumamulangiza. Dzina la Thomas linasiyidwa kwa zaka zambiri, koma lero ambiri amatchula mayina onse atatu.

Opaleshoniyi sikhudza mtima weniweniwo. Masiku ano amasoka kapaipi kopanga, kotakata mamilimita 3.5 kapena 4 kwa khanda, kuchokera pa mtsempha wopita kudzanja kufika pa mtsempha wa ku mapapo. Zilema zinayi zimakhalapobe, koma magazi opita ku mapapo amachuluka. Kapaipiko sikakula pamodzi ndi mwana ndipo kangathe kutsekeka, choncho n'kongogulira nthawi kwa mwana wamng'ono kwambiri kapena amene mitsempha yake ya ku mapapo ndi yaing'ono.

Kukonza kwenikweni

Kukonza matenda a Fallot mkati mwa mtima kunayamba mu 1954, pamene C. Walton Lillehei ku Minnesota analumikiza mitsempha ya mwana ndi ya munthu wamkulu kuti mtima ndi mapapo a wamkuluyo zigwirire ntchito onse awiri. Chaka chotsatira John Kirklin pa chipatala cha Mayo anayamba kugwiritsa ntchito makina olowa m'malo mwa mtima ndi mapapo, ndipo ndi njira imene ikutsatidwa mpaka pano. M'mayiko amene ana amapezeka msanga, opaleshoniyi imachitika mwana ali ndi miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, kapena asanakwanitse chaka.

Dokotala amatsegula fupa la pakati pa chifuwa, kulumikiza mwana ku makina aja, ndi kuimitsa mtima ndi madzi ozizira okhala ndi potaziyamu wambiri. Ngakhale zilema ndi zinayi, ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusoka chigamba pabowo, cha nsalu yopanga kapena chodulidwa pa thumba limene limakuta mtima wa mwanayo. Chigambacho amachisoka mopendekera kuti khomo la aota litsalire kumanzere kwake. Aota sasunthidwa, koma kuyambira pamenepo amalandira magazi a kumanzere okha, ndiye zilema ziwiri zatha ndi chigamba chimodzi. Ntchito yachiwiri ndi kutsegula njira ya ku mapapo: kudula mnofu wotsekereza ndi kumasula timapiko tomatana ta valavu, kachitseko ka panjirayo koletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Chilema chachinayi sachikhudza. Mnofu wokhuthala uja umaphwera wokha pang'onopang'ono katundu wake akachepa.

Zovuta zake zili m'tinthu tating'ono. M'mphepete mwa bowolo mumadutsa kanjira ka magetsi a mtima kamene sikaoneka ndi maso, ndipo singano ikakabaya mwana angafunike kachipangizo koyendetsa kugunda kwa mtima moyo wake wonse. Mwa ana pafupifupi 5 pa 100, mtsempha wodyetsa mtima umadutsa pomwe dokotala akanacheka, ndipo amayenera kulambalala poika paipi. Koma chisankho chachikulu chili pa valavu. Mkombero wake ukakhala waung'ono kwambiri, dokotala amaucheka n'kuukulitsa ndi chigamba china. Njira imatseguka bwino, koma valavuyo siitsekanso, ndipo magazi ena amabwerera m'mbuyo pa kugunda kulikonse.

M'zipatala zozolowera ntchitoyi, ana oposa 95 pa 100 amapulumuka opaleshoni, lilime limafiira tsiku lomwelo, ndipo pafupifupi 9 pa 10 amakhala ali moyo patapita zaka 25 kapena 30. Komabe madokotala amati mtima wakonzedwa, sanena kuti wachira. Valavu yodontha ija imakulitsa pampu ya kumanja pang'onopang'ono popanda munthu kumva kanthu, ndipo ambiri amafunika valavu yatsopano akafika paunyamata kapena atakula. Ena amayamba kugunda mtima kosalongosoka. Mwana wobwerako ku India akuthamanga ngati anzake amafunikabe kuunikidwa ndi eko moyo wake wonse, kusamala mano kuti tizilombo tisakafike pamtima, ndipo ngati ndi mtsikana, kuonana ndi dokotala wa mtima asanatenge pakati.

Zimene sizinagwirizanidwe

Akatswiri sanamvane za khanda limene likubanika m'masabata oyambirira. Ena amati likonzedwe kotheratu pomwepo kuti ubongo usakhale nthawi yaitali ndi okosijeni wochepa. Ena amati makina aja ndi olemera kwa khanda, ndi bwino kuyamba ndi kapaipi, kapena kachitsulo kotsegula njira kolowetsedwa kudzera mumtsempha, n'kudzakonza pambuyo pake. Sanamvanenso za valavu: kuisunga n'kusiya kupapatiza pang'ono, kapena kuicheka n'kulola kudontha? Ndipo valavu yatsopano iikidwe liti mwa munthu amene sakumva vuto lililonse, podziwa kuti nayonso idzatha ndipo idzafuna kusinthidwa?

Kuno kwathu pali mafunso enanso. Ana ambiri amene apeza opaleshoniyi aipezera kunja, ndipo amafikako ali ndi zaka zingapo, mnofu wa kumanja utalimba kale, zimene zimavutitsa masiku oyamba pambuyo pa opaleshoni. Pamndandanda wodikira, atsogole ndani: khanda limene likubanika kawirikawiri koma ulendo ungalipweteke, kapena mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene wadikira kale nthawi yaitali? Ndalama zipite potumiza ana kunja chaka chino, kapena pomanga gulu la madokotala, anamwino ndi chipinda cha odwala mwakayakaya muno m'dziko, zimene zimatenga zaka? Kuyeza khanda lililonse ndi kachipangizo kapaphazi lisanatuluke m'chipatala, monga amachitira m'mayiko ena, kumapeza ana ambiri msanga, ngakhale kumaphonya amene njira yawo sinapapatize kwambiri. Ena amati n'kofunika ngakhale opaleshoni ili kutali, chifukwa mayi wodziwa kupinda maondo a mwana ndi kupewa kutaya madzi amamusunga mpaka mwayi utapezeka. Ena amafunsa kuti banja la ku Chingale likauzidwa dzina la matendawa pa tsiku lachiwiri la mwana, lidzalozeredwa khomo liti.